Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nthuli zitatu pa mbale

M'chaka cha 2012 ndinali ndi miyezi isanu ndikugwira ntchito pa kalesitilanti ka azakhali anga pafupi ndi Mbare Musika, msika waukulu wa ku Harare. Azakhaliwo anabadwira ku Harare konko, koma Chichewa sanachitaye, ndipo makasitomala akamaitanitsa sadza, ife kukhitchini tinkangoti nsima. Anthu ankadzaza masana aliwonse, koma mwezi ukatha ndalama ya lendi inkachita kupemphetsa. Azakhali ankakayikira mtsikana wolandira ndalama. Ine ndinapempha sikelo ndi kope.

Kawerengedwe ka gawo la mtengo wa mbale limene limathera pa zophikira ndi kophweka. Umaphatikiza mtengo wa zonse zolowa m'mbale imodzi, n'kugawa ndi mtengo umene ukugulitsira mbaleyo, kenako n'kuchulukitsa ndi 100. Ambiri pa ntchitoyi amafuna kuti yankho likhale cha m'ma 30 kapena 35 peresenti, chifukwa zotsalazo si phindu ayi, ndi za lendi, nkhuni, madzi ndi malipiro.

Ndinayamba ndi nsima ya ng'ombe, imene tinkagulitsa madola 2. Ufa, repu, tomato, anyezi, mafuta ndi mchere zinkakwana masenti 30 pa mbale. Nyama tinkagula makilo 10 pa madola 40, ndipo m'mutu mwa azakhali nyamayo inkatulutsa mbale 80. Ndinakhala pambali pa mphika masiku atatu, mbale ikatuluka ndikulemba kamzere. Zinkathera pa 50. Ndiye kuti nyama yokha inali masenti 80, mbale yonse dola ndi masenti 10, kutanthauza 55 peresenti. Panalibe wakuba. Nyama inkadulidwa ndi maso, nthuli ina ngati chibakera, ina ngati chala, ndipo kasitomala wodziwika akangoti "ikaniko kabasera, mayi", dzanja linkabwerera mumphika. Dzanja lofewa kwambiri linali la azakhali omwewo.

Kuti mbale yoteroyo itsike kufika pa 35 peresenti, inafunika kugulitsidwa madola atatu ndi masenti 14. Ku Mbare mtengo wotere ndi wotsekera malo. Ngakhale kuwonjezera masenti 50 kunali kovuta, pakuti nthawi imeneyo tinkagwiritsa ntchito madola a ku America ndipo ndalama zachitsulo zinkasowa, moti m'masitolo chenji ankakupatsa maswiti. Mtengo unkayenera kukhala dola kapena madola 2 basi.

Apa m'pamene ndinapusa. Nsima ya nyemba, ya dola imodzi, inkatidyera masenti 35 okha, 35 peresenti ndendende. Ndinapita kwa azakhali monyadira.

"Azakhali, nyamayi ikutipha. Bwanji tilimbikire nyemba?"

"Mwanangu, nyembazo wagulitsa mbale zingati lero?"

Zinali 10. Mbale ya nyemba inkasiya masenti 65, tsiku lonse madola 6 ndi theka. Ya ng'ombe, ngakhale inali yoipa pa kope langa, inkasiya masenti 90, ndipo mbale 50 zinkabweretsa madola 45. "Mwini nyumba salandira peresenti," anatero akupukuta chipande. Onyamula matumba pamsika paja ankabwerera nyama, nyemba ali nazo kunyumba.

Choncho mtengo sitinaukhudze, tinakonza mulingo. Nyama tinkayeza isanaphikidwe, chifukwa ikapsa imafota ndipo sikelo imakunamiza. Kilo iliyonse tinkaidula nthuli 24 zofanana, mbale kulandira nthuli zitatu, magalamu 125 a nyama yaiwisi. Kilo inayamba kutulutsa mbale 8, nyama inatsika kufika pa masenti 50, mbale yonse masenti 80, kapena kuti 40 peresenti. Pa 35 sitinafikepo, ndipo sindinalimbane nazo, poti kuchepetsanso nyama kukanathamangitsa anthu. Masenti 30 opulumuka pa mbale 50 anali madola 15 tsiku lililonse. Madzulo ntchito yanga inali kuchulukitsa makilo ophikidwa ndi 8, n'kuyerekeza ndi mbale zogulitsidwa. Zikasiyana ndi mbale zoposa ziwiri, ndinkadziwa kuti basera wabwereranso.

Makasitomala anazindikira sabata yomweyo. Bambo wina wa ngolo anaiyang'anitsitsa mbale, n'kufunsa ngati ng'ombe zayamba kuonda. Tinamuwonjezera msuzi ndi repu, zimene sizinkafika masenti 5, ndipo mtanda wa nsima tinausiya waukulu monga kale. Awiri kapena atatu anasamukira kwa mayi wa pafupi nafe, koma ambiri anakhala.

Vuto linatsala kwa azakhali. Lachisanu lina ndinapeza mbale zisanu zikusowa pa kope, ndipo nditawayang'ana anangoti kunabwera anthu a kumudzi kwa agogo, ochokera ku Dedza, atatsika basi ndi njala. Ndinatsegula tsamba latsopano, pamwamba ndinalemba kuti "Alendo a azakhali", n'kuikapo madola 4.