Mizu kapena chibadwa: galamala ya kiliyolo pamaso pa mabuku a zombo ndi zikalata za khoti

Dzina la Wenela, pamene timakwerera mabasi muno mu Blantyre, ndi la bungwe lija linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Kumigodiko azigogo athu ankamvana ndi akapitawo m'Chilapalapa, chimene ena amati Fanakalo. Chimenecho ndi pijini: chiyankhulo cha pantchito, chimene munthu amachivula pamodzi ndi ovololo akabwerera kwawo, ndipo palibe mwana amene anachiyamwira. Kiliyolo ndi china. Ndi chiyankhulo chimene chinabadwira pamalo otero, makamaka m'minda ya nzimbe ya akapolo, nkukhala chiyankhulo chobadwa nacho cha mtundu wonse. Mawu ake ambiri amakhala a eni minda, Angerezi, Afalansa kapena Apwitikizi, koma kasanjidwe ka ziganizo si kawo. Mkangano wagona pa kumene galamalayo inachokera.

Gulu loyamba ndilitchula kuti la mizu. Limati akuluakulu amene anagwidwa ukapolo anatola mawu a azungu nkuwathira m'chikombole cha ziyankhulo za kwawo. Claire Lefebvre, m'buku lake la 1998, anafika ponena kuti kiliyolo cha ku Haiti kwenikweni ndi galamala ya Chifoni cha ku Benin yovala mawu a Chifalansa. Gulu lachiwiri ndi la chibadwa. Derek Bickerton, kuyambira 1981, ankati ana obadwira m'mindamo ankangomva pijini yosalongosoka, yopanda malamulo okwanira, ndiye anadzaza mipatayo ndi galamala imene mwana aliyense amabadwa nayo m'mutu, ndipo ntchitoyo inatha m'badwo umodzi wokha. Umboni wake unali woti makiliyolo otalikirana kwambiri amafanana. Amaika timawu ting'onoting'ono mneni asanabwere, motsatana chimodzimodzi: ka nthawi yakale, kenako ka zimene sizinachitike, kenako ka zopitirira. Ku Suriname, dziko la ku South America, ndi ben, sa, e. Ku Haiti ndi te, a, ap.

Kufanana kotereku pakokha sikungaweruze mlandu, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri timataya nthawi. Ziyankhulo za Chigbe, banja la Chifoni ndi Chiewe, nazonso zimaika timawu totere mneni asanabwere. Choncho a mizu akaona ben sa e amati ndi Chigbe, a chibadwa amati ndi ubongo wa mwana, ndipo onse akuloza chinthu chomwecho. Chofunika ndi umboni wokhala ndi madeti, woyankha kuti anafika ndani ndipo liti, ana anali angati ndipo kunyumba ankamva chiyani, komanso kuti kachidutswa ka galamala kameneka kakuonekera koyamba m'chikalata cha chaka chanji.

Suriname ndiye malo abwino oyeserapo, chifukwa khomo la Chingerezi linatsekeka msanga. Angerezi anakhazikika kumeneko cha m'ma 1651, Adatchi analanda dzikolo mu 1667, ndipo pofika 1680 eni minda ambiri a Chingerezi anali atachoka. Komabe Chisiranani, kiliyolo cha kugombe, mawu ake a tsiku ndi tsiku ndi ochokera ku Chingerezi mpaka lero. Bickerton ankawerenga zimenezi motere: chiyankhulocho chinaumbika m'zaka pafupifupi 30 zimenezo, ndiye ndi ntchito ya ana a m'badwo woyamba.

Kuti zimenezo zitheke pafunika ana, ndipo ochuluka ndithu. Jacques Arends anasanthula kaundula wa anthu a m'minda, pogwiritsanso ntchito ziwerengero za Johannes Postma za zombo za Adatchi, nkupeza kuti ana anali ochepa kwambiri. Imfa zinkaposa obadwa, eni minda ankadzaza mipata pogula akuluakulu atsopano, moti ngakhale patatha zaka zoposa 100 akapolo ambiri a ku Suriname anali obadwira ku Africa. Mwana wokulira pakati pa anthu otero sangamve pijini yokha. Amayi ake ali ndi chiyankhulo chathunthu, ndipo ali ndi anzawo oyankhula nawo. Mabuku a zombo akuonetsanso kuti pakati pa 1680 ndi 1720 zombo zambiri zinkachokera kugombe la Benin ndi Togo wa lero, kwa oyankhula Chigbe, ndi ku Loango, kugombe la Congo, kwa oyankhula Chikongo. Anthu a kugombe la Ghana anachuluka pambuyo pake.

Tsono titenge chiganizo cha Chisiranani ichi: Kofi teki a nefi koti a brede. Mawu ndi mawu chikuti Kofi tenga mpeni dula buledi, kutanthauza kuti Kofi wadula buledi ndi mpeni. Aneni awiri atsatizana popanda mlumikizi. Chingerezi sichitero. Chifoni chimatero ndendende, pogwiritsa ntchito mneni wa kutenga. Ife a Chichewa sititero: timati anadula buledi ndi mpeni, kapena timatalikitsa mneni nkuti mpeni wodulira buledi, ndipo Chikongo, pokhala cha banja lathu la Bantu, chimadalira njira zoterezi. Ndiye ngati a mizu akulondola, aneni otsatizana ayenera kuchuluka kumene kunafika a Chigbe ndi anansi awo, ndi kuchepa kumene kunafika a Bantu. Ngati a chibadwa akulondola, ayenera kupezeka mofanana paliponse. Nchifukwa chake anthu anakangana kwambiri pa makiliyolo a ku Mauritius ndi Seychelles, kumene akapolo ambiri anachokera ku Madagascar ndi kuchigawo chathu chino, kudzera ku Mozambique ndi Kilwa. Bickerton mu 1989 anati wapeza aneni otsatizana m'kiliyolo cha ku Seychelles, ena anati ndi ziganizo ziwiri zongogundana. Mlandu wa chiganizo chimodzi ukhoza kupachikika pa kapumidwe ka woyankhula.

Umboni wolimba kuposa umenewo uli m'Chisaramaka, chiyankhulo cha anthu amene anathawa m'minda ya ku Suriname kupita kunkhalango, makamaka pakati pa 1690 ndi 1712, nthawi yomwe a Chigbe ankatsika m'zombo. Mawu awo ofunsira chiyani ndi andi, ofunsira ndani ndi ambe, ndipo ali ndi kamawu kotsindikira, we, kobwera pambuyo pa chinthu chotsindikidwacho. Onse atatu amafanana ndi a Chifoni m'kamvekedwe ndi m'ntchito yomwe. Palibe mwana amene amabadwa ndi we m'mutu. Timawu ta galamala totere, tosachokera kwa azungu, tofanana ndi ta anthu amene mabuku a zombo akuwaika pamalopo m'zaka zoyenera, ndi umboni umene a chibadwa sangaumeze. Ine ndimauona wolemera kuposa mndandanda uliwonse wa zinthu zofanana pakati pa makiliyolo.

Zikalata zakale za makiliyolo a ku Suriname ndiye zovuta kugwira. Ziganizo zoyamba za Chisiranani zili m'zolemba za khoti za 1707, kenako kakukambirana kafupi kamene Herlein anasindikiza mu 1718, kenako madikishonale a mmishonale Schumann, la Chisaramaka mu 1778 ndi la Chisiranani mu 1783. Arends atazisanja motsata zaka anaona kuti zinthu monga mneni wa kukhala, uja ife timati ndi kapena li, ndi kafanizidwe ka zinthu ziwiri, zinkasinthabe m'zaka za m'ma 1700 mpaka za m'ma 1800. Galamala yomalizika m'badwo umodzi siyenera kumangidwabe patatha zaka 100. Koma pali msampha. Olemba onsewa anali azungu, ena ankalemba Chisiranani cha azungu okhaokha, ndipo kalaliki wa khoti amatha kusiya kamawu kamene khutu lake silinagwire. Kamawu kakaoneka m'chikalata cha 1718, ndiye kuti kanalipo pofika 1718. Kakasowa, sizitanthauza kuti kanalibe. Zikalata zimatiuza mochedwa mwake mwa chinthu, osati tsiku lobadwa.

Ku Hawaii, kumene Bickerton anamangapo maganizo ake, zikalata nzochuluka chifukwa nkhaniyo ndi yaposachedwa. Antchito a ku China anayamba kufika mu 1852, Apwitikizi mu 1878, a ku Japan mwaunyinji kuyambira 1885, a ku Philippines mu 1906. Sarah Roberts anafufuza m'manyuzipepala, m'zolemba za khoti ndi m'nkhani zimene ana asukulu a m'ma 1920 analemba za moyo wawo. Anapeza kuti ana oyamba kubadwira kumeneko ankayankhula bwinobwino ziyankhulo za makolo awo, ndipo kiliyolo chinakhwima ndi ana a anawo. Mwana wosowa chiyankhulo uja, amene nkhani ya m'badwo umodzi imamudalira, sanapezeke. Jeff Siegel anawonjezera kuti stei, kamawu ka zopitirira, kamayenda ngati mneni wa Chipwitikizi estar, ndipo get, amene amatanthauza ali ndi komanso pali, amafanana ndi mneni mmodzi wa Chikantoni, chiyankhulo cha kummwera kwa China, wogwira ntchito ziwirizo.

Apa pali funso limene a chibadwa ankalikonda. A ku Japan ndiwo anadzakhala ochuluka kuposa onse, nanga bwanji kiliyolocho sichiika mneni kumapeto monga Chijapani? Yankho lili m'madeti aja. Pamene adzukulu a Atchaina ndi Apwitikizi ankakula, a ku Japan ambiri anali akadali alendo kapena ana a alendo. Kuwerenga mitu ya anthu onse amene anafikako nkosocheretsa. Owerengedwa ndi amene analipo pa nthawi imene chiyankhulo chinkaumbika, ndipo wofufuza amene asankha chiyankhulo cha mizu asanayang'ane zaka adzapeza chilichonse chimene akufuna, pakuti m'ziyankhulo mazanamazana za kumadzulo kwa Africa simulephera kupezeka chimodzi chokhala ndi kachinthu kalikonse.

A mizu nawonso ali ndi fupa lowakakamira pakhosi. Ku Haiti amati liv la, buku lija, kamawu kolozera kali pambuyo pa dzina monga m'Chifoni. Koma ku Mauritius, kumene a Chigbe sanakhale ochuluka, amachitanso chimodzimodzi, ndipo Chifalansa cha pakamwa chili kale ndi kamawu komweko, la, pambuyo pa dzina. Robert Chaudenson ndi Salikoko Mufwene amakumbutsa kuti tiyambe tadziwa Chifalansa chenicheni chimene atsamunda osaphunzira ankayankhula tisanathamangire ku Africa kapena ku ubongo wa mwana. Ndiye pali kiliyolo cha Chidatchi cha ku Berbice m'dziko la Guyana, chimene mizu yake ndi yodziwika bwino kuposa ya makiliyolo ena onse: Chiijo cha kum'mawa, cha kumathero kwa mtsinje wa Niger. Chinatengako mawu ambiri a tsiku ndi tsiku, timawu ta pambuyo pa dzina, ngakhale timphatikiri ta pa mneni. Chiijo chimaika mneni kumapeto kwa chiganizo, Chidatchi nacho chimatero m'ziganizo zodalira pa zinzake, koma cha ku Berbice chinkaika mneni pakati, monga timachitira m'Chichewa. Pamenepa a chibadwa ali ndi pogwira, ngakhale kuti chimene chinawongola chiganizocho chikhoza kukhala akuluakulu ofuna kumvana ndi alendo, osati ana. Kuti tisiyanitse ziwirizo pakufunika kaundula wa m'minda ya ku Berbice wa m'zaka za m'ma 1600, wonena zaka za kapolo aliyense ndi doko limene anakwerera chombo.