Fomu ya amalume idandidyera sabata

Ku ofesi yathu yobwereketsa nyumba kuno ku Johannesburg, ntchito yanga ndi kuwunika mapepala munthu asanalandire makiyi. Amene malipiro ake ndi ochepa timamupempha abwere ndi womuyimira, munthu wolonjeza polemba kuti lendi ikakanika alipira ndi iye. Lolemba ndidalandira fayilo ya mnyamata wina wa kwathu, wofuna kanyumba ku Turffontein pa R6 500 pamwezi kwa chaka chimodzi. Omuyimira anali amalume ake.

Ndimayala mapepala anayi patebulo: pangano la lendi, fomu ya womuyimira, kalata yake ya kubanki ndi kope ya pasipoti yake. Ndimayamba ndi ndalama. R6 500 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi R78 000, ndipo m'kabokosi ka manambala munalidi R78 000. Koma pamzere wolemba ndalamayo m'mawu panali ya R72 000. Nditaigawa ndi 12 idandipatsa R6 000, lendi ya chaka chatha. Zikuoneka kuti fomuyo idayamba kudzazidwa mtengo usanakwere, wina n'kudzakonza manambala okha, m'mawumo n'kuiwala. Sindisankha ndekha kuti yoona ndi iti, ndipo tipekisi sindilola. Kusiyana kwa R6 000 kumeneku ndi kumene anthu amadzakanganirana mnyamata akasiya kulipira, amalume akuti ndidavomera zakuti, mwini nyumba akuti ayi.

Lachiwiri ndidakhalira kalata ya kubanki. Ambiri amaiyesa umboni woti munthu ali ndi ndalama, pamene kalata yotsimikizira akaunti nthawi zambiri imangonena dzina la mwini wake, nambala ya chiphaso chake, nambala ya akaunti, mtundu wake ndi nambala ya nthambi. Za ndalama zimaoneka pa sitetimenti ya miyezi itatu. Tsiku la kalatayo linali mkati mwa miyezi itatu imene timalola, nambala ya akaunti inkafanana ndi ya pafomu, manambala asanu ndi limodzi a nthambi analinso a banki yomweyo. Chidandiimitsa ndi nambala ya pasipoti ya pakalatayo, yomwe inali yosiyana ndi ya pakope. Dzinanso pafomu adalemba limene amalumewo amadziwika nalo kumudzi ndi kutchalitchi, pomwe pasipoti ndi banki zili ndi la ubatizo ndi la bambo awo. Kwa ife Amalawi zimenezi si zachilendo ndipo sindithamangira kuganiza zakuba, koma woweruza sadziwa za kumudzi kwathu, amawerenga zomwe zili papepala.

Siginecha ndiyo idandivutitsa mtima. Ya papasipoti inali yopendekera, yolembedwa mothamanga ndi dzanja lozolowera. Ya pafomu inali yoima njo, inki itakhuthala m'malo momwe cholembera chidaima, ngati wolembayo amayang'ana kwina uku akukopera. Siginecha ya munthu imasintha ndi zaka, koma kawirikawiri poyambira chilembo choyamba ndi kapendekedwe sizisochera chonchi.

Lachitatu ndidamuimbira mnyamatayo. Adakhala chete kaye, kenako adati, "Achemwali, amalume amagwira usiku, adandiuza pafoni kuti ndingowasayinira." Ndidamumvetsa, koma ndidamuuza kuti sizingatheke. Lamulo la dziko lino la 1956, gawo 6, limafuna kuti pangano loyimira munthu likhale lolembedwa ndi losayinidwa ndi woyimirayo kapena amene wamupatsa mphamvu, ndipo ife mphamvu yopatsana pafoni sitingaitsimikize. Ndimalimbikira apa chifukwa wodzalandira kalata ya maloya ndi mkulu uja, yemwe mwina sadaonepo n'komwe R78 000 yo.

Amalumewo adafika Lachinayi m'mawa, atavala jekete ya kuntchito, maso ali psuu ndi tulo. M'thumba adatulutsa mapasipoti awiri omangidwa ndi labala, yakale yodulidwa pakona ndi yatsopano. Nambala ya pakalata ya banki inali ya yakale ija. Ndidawapempha apite kunthambi akasinthitse, atenge kalata ina. Kenako ndidawawerengera fomu yatsopano m'Chichewa, mzere ndi mzere. Titafika pa ndalama adandiimitsa: "Mwanangu, ine ndimayesa ndikuyimira mwezi umodzi wokha." Adakhala kanthawi akuwerengera pa foni yawo, kenako adati avomera, koma mawu oti malire ndi R78 000 ndi miyezi 12 alembedwe poyera, pangano likadzawonjezedwa adzafunsidwenso.

Ndidawafunsanso za banja, popeza lamulo la 1984 limati okwatirana mophatikiza chuma sangayimire munthu popanda chilolezo cholembedwa cha mnzawo, chosayinidwa pamaso pa mboni ziwiri. Iwo mayi akunyumba adamwalira, choncho mzere umenewo tidaudutsa.

Lachisanu masana adabwera ndi kalata yatsopano. Adalemba maina monga alili m'pasipoti, adaika zilembo zoyamba za maina awo patsamba lililonse, n'kusayina ine ndi mnzanga tikuona. Fomu yakale ndidaidula mzere n'kuisunga m'fayilo, ndipo makiyi mnyamatayo akatenga pa 1.