Skiripiti yomwe inameza zithunzi za chinkhoswe

Sabata ino kushopu kwathu ku Area 3 zinali za masiku onse, kusintha masikirini, kuchotsa mavairasi, koma yomwe yandikhala pamtima ndi ya mnyamata wina wapakoleji amene anabwera Lachiwiri nkhope ili yakugwa. Amajambula pa maukwati kuti apezeko ya fizi, ndiye Loweruka anajambula chinkhoswe ku Area 25, zithunzi nkuzikopera mu laputopu yake ya Linux. Atatero analemba kaskiripiti koti chithunzi chilichonse chitenge deti ngati dzina:

```
for f in *.jpg; do mv "$f" "$(date -r "$f" +%F).jpg"; done
```

Vuto ndi loti zonse zinali za tsiku limodzi, choncho dzina limatuluka lomwelomwelo, ndipo `mv`, lamulo lomwe limasintha dzina la fayilo, safunsa, akapeza dzinalo lilipo kale amangokhazika chatsopano pamalo pa chakale. Mufoda munatsala chithunzi chimodzi basi, chomaliza, cha azimayi akutsuka mapoto.

"Achimwene, eniake akufuna zithunzi zawo Lachisanu, nditani ine?"

Ndinamuuza azimitse laputopuyo pompo. Fayilo ikachoka chonchi deta imakhalabe pa disiki mpaka china chilembedwe pamenepo, koma yakeyo ndi SSD ndipo SSD ili ndi TRIM yomwe imayeretsa malo oterowo, kuphatikiza apo iye anali atadawunilodamo kale mapulogalamu ofufuzira usiku onse. Sitinapezemo kanthu.

Chinatipulumutsa ndi memore khadi ya kamera. Anaifomata Lamulungu nkujambuliraponso pang'ono, koma fomati yachangu sipukuta deta yeniyeniyo, ndiye tinayendetsa PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutika, zotuluka tikuzisunga pa disiki ina osati pa khadi pomwepo. Zambiri zinabwera, mayina atasokonekera. Zina za kumayambiriro kwa mwambo zinapita, zithunzi za Lamulungu zija zinakhala pamalo pake, ndipo zinandiwawa kumuona akuimbira eni chinkhoswe mawu akunjenjemera.

Lachinayi anabweranso ndi hadi disiki yakunja. Iye ankaganiza zoti fodayo aziisinka pa intaneti basi zatha, ndinamufotokozera kuti sinki imatsatira chilichonse wachita, ukafufuta kuno nakonso zifufutika. Tinagwirizana makope atatu: mu laputopu, pa disiki yakunja yomwe azizula akamaliza kukopera, ndi ina kutali ndi kwawo, kaya pa intaneti bando ikalola kaya kwa achemwali ake ku Kawale. Khadi asamafomate mpaka makope awiri alipo ndipo watsegula zithunzi zingapo kuona kuti zikutsegukadi.

Skiripiti ija tinaikonzera limodzi, tinaonjezera dzina lakale kumapeto kwa deti kuti mayina asafanane, `mv -n` kuti isakhudze fayilo yomwe ilipo kale, ndipo poyamba amaika `echo` kutsogolo kwa `mv` kuti aone zomwe zichitike. Lachisanu anakapereka zomwe tinapeza, mtengo anawatsitsira.