Timizere ta alamu anga

Mpaka pano zikundiwawabe mumtima ngakhale ndasamba ndadya. Lero ndinali kumudzi, mbali ya ku Mkanda, kukaona amayi. Kwathuko netiweki umachita kuisaka, aliyense amakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ndiye tili pachulupo ine ndi alamu anga, laini ya kampani imodzi, mafoni onse akulemba 4G, yawo timizere ta netiweki titatu yanga kamodzi kokha. Alamu amvekere, “Inu okonza mafoni pa Kamwendo, foni yanu n'kugonja kwa yangayi? Gulitsani imeneyo alamu.”

Ndinati tiyeni tisiye timizere tione nambala. Tinalowa mu Settings, About phone, kenako SIM status, pamene foni imalemba mphamvu ya netiweki mu dBm. Yawo -112, yanga -110. Nambalazi zili ndi kachotsera kutsogolo, ndiye -110 ndiye yamphamvuko, pafupi ndi nsanja ya netiweki umaona za m'ma -80 ndipo ikamafika ku ma -120 ndiye kuti 4G yatsala pang'ono kuthawa. Yanga imakoka bwinoko pang'ono kuposa yawo! Nkhani ndi yoti palibe lamulo loti nambala yakuti ikhale timizere tingati, opanga foni aliyense amadula malire ake. Komanso yawo imadzadza ndi timizere tisanu, yanga tinayi.

Chimene chinandikhudza ndi cha eriyo. Alamu amaganiza kuti mafoni a masiku ano alibe eriyo poti siioneka ngati ya wailesi. Ilimo, ndimaiona tsiku lililonse ndikatsegula foni, kachitsulo kopyapyala kopindapinda m'mphepete, kawirikawiri kumunsi kufupi ndi potchajira, kena kumtunda. Pa megahetsi 900, womwe ndi muyezo wa mafunde a netiweki, funde limodzi limatalika masentimita 33, eriyo yabwino imafuna kota yake, masentimita 8, ndiye opanga amachita kuipanikiza mukamalo kochepa, ena amakhoza ena ayi. Apa mpamene mafoni amasiyana zenizeni.

Ndinawaonetsa. Ndinafumbata foni yanga kumunsi ndi chikhatho chonse, tadikira pang'ono nambala inatsika kufika -116. Nditaigwira ndi zala ziwiri pakati inabwerera pa -110. Kusiyana kwa 6 kukuoneka kochepa koma kutsika ndi 3 kulikonse ndiye kuti mphamvu yadulidwa pakati, ndiye dzanja langa lokha linasiya kota basi. Thupi lathuli ndi madzi ambiri, limamwa mafunde komanso limasokoneza eriyo ikakhudzana nalo. Mtauni sungazindikire poti mphamvu ndi yambiri, koma pachulu paja ndi kusiyana kwa meseji kupita ndi kukanirira.

Alamu anayang'ana nambala zija, anayang'ananso foni yawo, akuti “komabe titatu ndi titatu,” n'kutsika. Sindikudziwa chifukwa chake zandikhalira chonchi, mwina poti anakamba ana akumva, ndipo ena mwa anawo makolo awo amandibweretsera mafoni. Ndimafuna tiyesenso titasinthana malaini koma mvula inali itayamba kale kudontha.