Mmene ndinaperekera notisi yotuluka m'nyumba ya lendi ku Kalongwezi ndi kulandira dipoziti yanga

Nyumba imene ndinkachita lendi ku Kalongwezi, mu mzinda wa Chipata, inali ya zipinda ziwiri zogona, ndipo ndinkalipira K2,500 pamwezi. Polowa ndinaperekanso K2,500 ina ya dipoziti, imene mayi eni nyumbayo anati adzandibwezera potuluka ngati sindidzasiya ngongole kapena kuwononga kanthu. Pangano lathu linali la chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Ogasiti 2023 kufika pa 31 Julayi 2024. Nditapeza nyumba ina pafupi ndi kuntchito, ndinkaganiza kuti panganolo lidzangotha lokha tsiku lake likadzakwana, ine ndi kunyamula katundu.

Chimene chinandithandiza ndi chakuti ndinatulutsa pepala la pangano m'sutikesi ndi kuliwerenganso bwinobwino. Ndime ina, imene sindinaisamale tsiku losaina, inkanena kuti wofuna kuthetsa pangano adziwitse mnzake polemba kalata kutatsala mwezi wathunthu, ndipo ngati palibe amene walemba, lendi idzapitirira mwezi ndi mwezi. Zimenezi zinkatanthauza kuti ndikanangokhala chete mpaka pakati pa Julayi, mayiwo akanatha kundilipiritsa lendi ya Ogasiti, ndipo malo oyamba kuitengako akanakhala dipoziti ija. Popeza lendi yanga inkayamba pa 1 mwezi uliwonse, ndinawerengera kuti kalata iyenera kukhala m'manja mwawo pasanadutse pa 30 Juni. Sindinafune kudikira tsiku lomaliza, choncho ndinailemba pa 24 Juni.

Ndisanailembe ndinapita kaye kwawo ku Kapata kukawauza pakamwa, chifukwa munthu wamkulu amene mwakhala naye bwino chaka chonse simungangomuponyera pepala ngati samani. Titapatsana moni ndinati, "Amayi, ndabwera kudzakudziwitsani kuti pangano lathu likatha sindipitiriza, ndipo mawa ndikubweretserani kalata." Iwo anayankha kuti, "Mwanawanga, kalata ndi yachiyani pomwe tamvana kale?" Ndinawafotokozera kuti pangano limene tonse tinasaina ndilo likufuna kalatayo, osati kuti ndikuwakayikira.

Kalatayo inali yaifupi. Pamwamba ndinalemba tsiku, dzina langa, nambala ya puloti ya nyumbayo ndi dzina la mayiwo monga mmene lilili m'pangano, ndipo mawu ake anali awa:

"Okondedwa Amayi, ndikukudziwitsani kuti sindidzawonjezera pangano la lendi la nyumba yatchulidwa pamwambayi, limene likutha pa 31 Julayi 2024. Ndidzatuluka ndi kupereka makiyi onse pa tsikulo. Lendi ya Julayi ndidzalipira yonse monga mwa nthawi zonse. Ndikupempha kuti tidzayendere limodzi nyumbayo pa 29 Julayi, ndiponso kuti dipoziti ya K2,500 imene ndinapereka pa 1 Ogasiti 2023 ibwezedwe pasanathe masiku 14 kuchokera pa tsiku lopereka makiyi. Ngati padzakhala ndalama yochotsapo, ndikupempha kuti mudzandilembere chinthu chilichonse pachokha ndi mtengo wake."

Chifukwa chotulukira sindinachilembe, ndipo madandaulo anga a denga limene linkadontha m'khitchini m'nyengo ya mvula ndinawasiya dala, pakuti notisi yodzaza ndi madandaulo imapatsa wina mpata woyankha madandaulowo ndi kuiwala za ndalama. Masiku 14 aja sanali m'pangano, koma ndinawaika ndekha monga pempho, podziwa kuti popanda tsiku lenileni yankho limakhala lakuti "tidzaona akalowa wina". Ndinasindikiza makope awiri, ndinaphatikizapo fotokope ya lisiti ya dipoziti, ndipo mayiwo anasaina pa kope langa ndi kulembapo tsiku limene alandira kalatayo. Kope losainidwalo ndilo umboni weniweni, chifukwa mkangano ukabuka, kaya pakhomo kaya kukhoti, funso loyamba limakhala lakuti notisi inafika liti.

Anzanga angapo anandilangiza kuti ndisalipire lendi ya Julayi, ndingokhalira dipoziti, popeza ndalama zake ndi zofanana. Ambiri amachitadi zimenezi poopa kuti dipoziti sidzabwerera, ndipo mantha awo ndimawamvetsa. Koma pangano langa linkanena momveka kuti dipoziti si lendi, choncho ndikanatero ine ndi amene ndikanayamba kuphwanya pangano, ndipo kalata yanga ikanachepa mphamvu. Ndinalipira pa foni kuti uthenga wotsimikizira ukhale lisiti yanga.

Pa 29 Julayi mayiwo anabwera ndi mwana wawo wamwamuna, katundu wambiri ndinali nditasamutsa kale kuti makoma ndi pansi zionekere. Tinayamba ndi mamita. Magetsi a ZESCO anali ogula mayunitsi pasadakhale, choncho panalibe ngongole yokambirana. Madzi ndiwo amalipiridwa pambuyo pogwiritsa ntchito, ndipo bilu ya Julayi inali isanatuluke, kotero tinajambula manambala a pa mita ndi foni, ndi kugwirizana kuti asunge K210, imene inali bilu yanga yaikulu kwambiri pa miyezi itatu yapitayo. Galasi limodzi la windo la kuchipinda linasweka mwana wanga akusewera mpira, ndipo ndinavomera msanga kuti achotse K150 ya galasi ndi wodzaliika.

Pamene tinachedwa ndi pa penti. Mwana wa mayiwo anayendetsa chala pakhoma la pabalaza, pomwe mpando unasiya mzere wotuwa, nanena kuti nyumba yonse iyenera kupentedwanso ndi ndalama yanga, zimene zikanameza dipoziti yonse. Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, tiyeni tione mmene khomali linalili ndikulowa." M'foni ndinali ndi zithunzi zimene ndinajambula tsiku lolowa, zosonyeza kuti penti inali yakale ndithu, yosuluka pansi pa mawindo, ndipo mng'alu wa pamwamba pa chitseko unalipo kale. Ndinafotokoza kuti kusuluka kwa penti ndi kutha kwa mpira wa m'mpopi ndi kukalamba kwa nyumba kumene kumachitika aliyense akakhalamo, pomwe galasi losweka ndi kuwononga, ndipo wochita lendi amalipira chowononga chokha. Pangano likanakhala ndi ndime yondilamula kupenta potuluka, monga mapangano ena amakhalira, ndikanasowa chonena, koma langa linalibe. Mayiwo anayang'ana zithunzizo kwa kanthawi, kenako anauza mwana wawo kuti nkhani ya penti aisiye.

Pomwepo tinalemba kuseri kwa kope langa kuti pa K2,500 pachoke K210 ndi K150, patsale K2,140, ndipo tonse tinasaina. Pa 31 Julayi ndinapereka makiyi asanu, titawawerenga limodzi, ndi kulembanso chiwerengero chake papepala lomwelo.

Pa 14 Ogasiti ndalama inali isanafike, ndipo nditawaimbira mayiwo anandiuza mosabisa kuti dipoziti ija anailipirira fizi ya mdzukulu wawo kalekale. Popeza panali pepala losonyeza ndalama yeniyeni, sitinakangane za kuchuluka kwake, koma tinangokambirana za masiku. Madzulo a tsiku lomwelo ananditumizira K1,500, ndipo ndinawalembera uthenga wovomereza kuti ndalandira, wotchulanso kuti yatsala K640 imene anati adzapereka mwezi ukatha. Yotsalayo inafika pa 31 Ogasiti, ndipo anawonjezerapo K35, chifukwa bilu ya madzi ya Julayi inatuluka K175 m'malo mwa K210 imene tinasungitsa ija.