Lachiwiri: lipoti la mnzanga ndi zizindikiro zofiira

Nditangofika ku ofesi m'mawa ndinapeza mnzanga wanditumizira lipoti lake la masamba 12, lonena za maphunziro amene tinachititsa mwezi watha. Pansi pa uthengawo analembapo kuti: "Achimwene, mundionereko tisanaweruke, koma chonde mundichitire chifundo." Ndinamva chimene ankatanthauza. Ulendo watha ndinamubwezera cholemba chake chili psuu kuyambira pamwamba mpaka pansi, iye n'kungodina Accept All osawerenga ngakhale chimodzi, ndipo kwa miyezi sanandipatsenso kanthu koti ndimuonere. Munthu akavomereza zonse nthawi imodzi chonchi, sikuti wagwirizana nawe. Amakhala kuti wangochitaya cholembacho m'manja mwako, poona kuti sichilinso chake.

Ndinatsegula lipotilo mu Word, ndinayatsa Track Changes ndi Ctrl+Shift+E kuti chilichonse chimene ndasintha chizioneka ndi zizindikiro zofiira, n'kuyamba kukonza monga mwa chizolowezi. Nditafika tsamba lachinayi ndinatsegula Reviewing Pane kuti ndione kuchuluka kwa zomwe ndasintha. Zinali 87. Ndinaziyang'ana chimodzichimodzi: mipata iwiri pakati pa mawu, makoma osoweka, mitu yosiyana kukula. Zachabechabe zokhazokha, koma pa sikirini chilichonse chikuoneka chofiira mofanana, ngati kuti mpata wowonjezera ndi mlandu wofanana ndi nambala yolakwika. Ndinatseka osasunga, n'kuyambanso kuwerenga lipoti lonse manja ali pachifuwa.

Kuwerenga kumeneko ndi kumene kunandionetsa kuti mavuto enieni analipo awiri okha. Loyamba, m'ndime ina analemba kuti anthu amene anaphunzira ndi 340, pamene tebulo la tsamba lotsatira ukaliwonkhetsa likupereka 314. Lachiwiri, mfundo yaikulu ya lipoti lonse, yoti ambiri anasiyira panjira chifukwa cha nthawi imene maphunziro ankayamba, inabisala pa tsamba 9. Ndikanapitiriza mmene ndinayambira, ziwirizi zikanamira m'kati mwa zofiira mazanamazana.

Ndinadzuka kupita pa desiki pake. "Achemwali, pali timipata ndi mitu yosafanana kukula. Mundilole ndikonze zimenezo popanda zofiira? Mawu anu sindikhudza ngakhale limodzi osakuonetsani." Anavomera msanga. Ndinakonza zimenezo Track Changes itazimitsidwa, mipata ndi Find and Replace, kenako n'kuiyatsanso. Chilolezocho n'chofunika kwambiri. Ukazimitsa mwakachetechete n'kusintha liwu, mwini wake akadzalipeza sadzakhulupiriranso fayilo iliyonse yochokera kwa iwe. Ndinamuuzanso kuti akafuna kutsimikiza, Compare ya pansi pa Review imuonetsa kusiyana konse pakati pa fayilo yake ndi yanga.

Pa ziganizo ndi pamene ndinachedwapo. Analemba kuti: "Anthu ambiri amene anafunsidwa ananena kuti maphunzirowa anawathandiza kwambiri zedi pa ntchito zawo zimene amagwira." Dzanja linkandiyabwa kuti ndisankhe chiganizo chonse n'kulemba changa. Koma ukatero, Word imadula mzere pa chiganizo chonse chakale n'kuika chatsopano pambali pake, ndipo wolemba amaona ngati palibe liwu lake ngakhale limodzi limene linali labwino. Komanso umamumanga manja: ayenera kulandira chonse kapena kukana chonse. Ine ndinangofufuta "zedi" payekha, ndi "zimene amagwira" payekha. Tizizindikiro tiwiri tating'ono, chiganizo chikadali chake, ndipo atha kuvomera kamodzi n'kukana kenako.

Panali ziganizo zingapo zimene ineyo sindikanazilemba choncho, koma zinali zomveka ndipo sizinalakwike. Ndinazisiya. Funso limene ndinkadzifunsa linali lakuti, kodi owerenga apunthwa apa, kapena ndi ine amene ndikufuna kuti azilemba ngati ine?

Cholakwa chimodzi chinkabwerezedwa: dzina la pulogalamuyo ankalilemba mitundu iwiri, malo oposa 20. Ndinakonza malo awiri oyamba okha, n'kusiya ndemanga yoti zili choncho lipoti lonse ndipo asankhe yekha kalembedwe kamene akufuna. Munthu safunika kuuzidwa chinthu chimodzi ka 20.

Ndemanga, zimene ndimaika ndi Ctrl+Alt+M, ndizo zimapweteka kuposa zofiira ngati sunasamale, chifukwa zimamveka ngati mawu a pakamwa koma nkhope yako palibe. Pa tsamba 6 ndinayamba ndalemba "Sizikumveka." Nditaliwerenganso ndinaona kuti liwu limeneli likungoweruza, silikumuuza pogwira. Ndinalifufuta n'kulemba kuti: "Nditafika apa ndinaima, sindinadziwe ngati 'iwo' akuimira aphunzitsi kapena ophunzira. Ngati ndi aphunzitsi, mwina kuwatchula kungathandize." Ndemanga yotere ikunena zimene zinandichitikira ine powerenga, ikuloza liwu lenileni, ndipo ikusiya chiganizo m'manja mwa mwini wake.

Koma ulemu uli ndi malire ake, ndipo ndinatsala pang'ono kuwadutsa. Pa nambala ija ndinalemba kaye kuti "mwina mungaonenso pang'ono apa." Kufewa kotere kukanamupusitsa, akanaganiza kuti ndi maganizo chabe oti atha kuwadumpha, lipoti n'kupita kwa akuluakulu lili ndi manambala otsutsana. Manyazi akewo akanakhala aakulu kuposa a ndemanga yanga. Ndiye ndinalemba mosabisa: "Ichi chokha chiyenera kukonzedwa lisanatumizidwe. Ndime ikuti 340, tebulo likuwonkhetsa 314. Sindinasinthe chifukwa yolondola mukuidziwa ndinu." Nambala imene sindinaitole ndekha sindiikonza, ndimangoiloza.

Mfundo ya tsamba 9 ija sindinaisunthe. Ndikanatha kuidula n'kuimata koyambirira, Word ikanaionetsa ndi mizere iwiri yobiriwira, koma kusuntha ndime kumathyola mawu olumikiza amene wolemba anaika, ndipo ndi chisankho chachikulu choti munthu wina akupangire. Ndinalemba kuti ndimeyo ndiyo inandigwira mtima m'lipoti lonse, makamaka pamene anayerekezera magulu a m'mawa ndi a masana, ndipo ndikuopa kuti owerenga otanganidwa sadzafika tsamba 9. Kuyamikako sikunali kopaka mafuta, ndimeyo ndi yabwinodi.

Pomaliza zosintha zinali 23, ndemanga 7. Sindinatumize fayilo yokhayokha. Mu uthenga ndinatchula zinthu ziwiri zazikulu zija, n'kunena kuti zina zonse ndi maganizo chabe, akane zimene sakuzifuna popanda kundifotokozera. Ndinamupemphanso ayambe kuwerenga pa Simple Markup, pamene zosintha zimangooneka ngati kamzere m'mphepete mwa tsamba, kuti amve kaye mmene lipoti likuyendera asanatsegule All Markup.

Cha m'ma 4 koloko fayilo inabwerera. Nambala yolondola inali 314. 340 anali amene analembetsa poyamba, ndipo anawonjezera chiganizo chofotokoza zimenezo, chimene chinalimbitsanso mfundo yake ya anthu osiyira panjira. Zosintha zitatu anazikana, china mwa izo "zedi" uja. Pansi pa ndemanga ya tsamba 9 anayankha kuti: "Achimwene, ndimeyi ndiisiya pomwe ili chifukwa imadalira tebulo la tsamba 8, koma ndalemba ziganizo ziwiri koyambirira zoitchula. Taonani ngati zikukwanira." Ndinaziwerenga, zinali zokwanira, ndipo ndinadina Resolve kutseka ndemangayo. Potuluka anandiuza kuti Lachisanu anditumizira gawo lachiwiri.