Bambo wa pachigayo amene “fika” ndi “phika” amawamva mofanana

Sabata ino ndinali ku Ngabu ndi kamakina kanga koyezera makutu, odiyomita ija, ndipo kutentha kwake abale musanene. Choipa ndi choti poyeza umayenera kuzimitsa fani chifukwa phokoso lake limasokoneza, nde tangoganizani kachipinda kotseka mawindo kuchigwa kuno masana, thukuta kamukamu ine ndi wodwala yemwe.

Lolemba ndi lachiwiri zinali za masiku onse, ana otuluka mafinya mkhutu, agogo ena khutu litangotsekeka ndi phula, kutsuka basi akumva. Koma lachitatu kunabwera bambo wina wazaka 46, wagwira pachigayo zaka 18, anachita kukokedwa ndi akazi awo. Mayiwo akuti, “adokotala, awawa amamva akafuna, ndikawaitana amayankha koma ndikawatuma amabweretsa zina.” Bambowo nawo akuti, “ine ndimamva bwinobwino, anthu a masiku ano ndi amene amayankhulira mmano.” Chiganizo chimenechi ndikangochimva ndimadziwiratu zomwe ndipeze.

Ndinayang'ana mkhutu, moyera, nembanemba ili bwino. Ndawaveka mahedifoni kuti akamva kaphokoso azikweza dzanja. Hz ndi muyezo wa kukwera kwa liwu, nambala yaing'ono ndi liwu lapansi, yaikulu ndi lapamwamba, pomwe dB ndi mphamvu yomwe ndakweza kuti amve, ikamakula ndiye kuti khutu lafooka. Pa 250 ndi 500 Hz akumva pa 15 dB, pa 1000 akumva pa 20, zabwinobwino. Pa 2000 yatsika kufika 35, pa 4000 mpaka ndinakweza kufika 65 dB ndi pomwe anakweza dzanja, kenako pa 8000 yabwererako pang'ono pa 50, makutu onse awiri chimodzimodzi. Kadzenje ka pa 4000 kameneko ndi chidindo cha phokoso, ukalamba suchita choncho, iwo umangotsetsereka osabwerera.

Nde ndinatenga pepala nkutseka pakamwa panga kuti asaone milomo. Ndati aaa, abwereza. Uuu, mmm, abwereza. Ndati shhh, akuchita ngati akukayika. Ndati sss, ali duu kundiyang'ana kudikira kuti ndiyambe liti, pomwe mayi aja kumbuyoko agwira pakamwa. Kenako mawu: ndati “fika” akuti “phika”, ndati “tsika” akutinso “phika”. Kufa, kutha, kupha, kupsa, zonsezi kwa iwo ndi “u-a” basi, pakatipo amangolotera.

Chimachitika ndi ichi. Aja tinkawatcha malembo a liwu kusukulu, a e i o u, amachokera pakholingo, ndi amphamvu ndipo mphamvu yake yambiri ili pansi, cha mma 250 mpaka 1000 Hz. M ndi n nawonso ali pansi pomwepo. Koma s, f, sh, ts, ch ndi kampweya kaja ka pa th, ph, kh mulibe liwu, ndi mpweya chabe ukufinyika pa mano kapena pa milomo, kaphokoso kopyapyala kofooka. S ndi amene amakhala pamwamba kwambiri, kuyambira cha mma 4000 kukwera, ndiye amayamba ndi iyeyo kusowa pamodzi ndi f yemwe ndi wofooka kale, sh amatsalako kaye chifukwa ali mmunsi pang'ono, cha mma 2000 mpaka 4000. S wa mzimayi kapena mwana amakwera kuposa wa mwamuna, nchifukwa chake bambowa anzawo a pabawo amawamva koma adzukulu ayi.

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, muli timaselo tatsitsi. Ta pakhomo timamva mawu apamwamba, ta kunsonga mkati timamva apansi, ndipo ta mbali ya pakhomoyo ndi tomwe timayamba kufa, kaya ndi phokoso, ukalamba kapena mankhwala. Tikafa tafa, sitimeranso. Lachinayi ndinaona mnyamata amene kale anabayidwa majakisoni a kanamayisini a TB yosamva mankhwala, iye zinayambira pa 8000 kumatsika, mkhutu mukulira ngati nyenje.

Chichewa chathuchi chimabisanso vutoli. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liwu, komwe kumasiyanitsa mtengo wa munkhalango ndi mtengo wa pamsika, kumamveka pansi pomwe khutu likadali lamoyo. Nde munthu amamva kayimbidwe konse ka chiganizo nkumadzaza yekha mipatayo, zaka kumapita. Zimaululika pa msika kapena mu minibasi, poti phokoso la injini ndi lapansi ndipo limakwirira timawu tapamwamba totsalato.

Mayi aja ndinawauza kuti kukuwa asiye. Mukakuwa mumakweza a ndi o omwe akumva kale, s sakwera nawo kwenikweni, tayesani kukuwa sss muone. Bola kuwayang'ana kumaso, pafupi, wailesi itazimitsidwa. Bambowo ndawalembera kuti akayezedwe kamakina kovala mkhutu kokweza mawu apamwamba okha, ndawapatsanso zotsekera mkhutu za pachigayo kuti za pa 2000 zisapitirire kutsika. Anazitembenuza tembenuza nkundifunsa kuti nanga makasitomala aziwamva bwanji, mayi aja nkuyankha kuti ngati kale amawamva.